Tebulo la masevisi a makina a pa chigayo, mmene ndikufunira kuti ulipange

Mphwanga, manje poti mayeso watsiriza ndipangireko tebulo lija mu Google Sheets kuti tizitha kulitsegula pa foni tonse, ine ndi amakanika komanso mnyamata wa pa chigayo. Chomwe ndikufuna nchakuti tebulolo lizifiira lokha sevisi ikapitirira, pasakhale munthu wokumbukira kupaka utoto, chifukwa nyengo yokolola kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu amafola ndi matumba a chimanga ndi mpendadzuwa kuyambira mmawa ndipo palibe amene amayang'ana kalendala.

Mzere umodzi ikhale ntchito imodzi, osati makina amodzi. Injini ya dizilo ya chigayo yokha ili ndi oilo, filita ya oilo, filita ya dizilo ndi filita ya mpweya, zonsezi nthawi zake nzosiyana, ndiye kuli girisi wa mabeyaringi, malamba, mahamala ndi sefa. Chimodzimodzi makina ofinyira mafuta, jenereta ndi thirakitala. Mizere ichuluke, zilibe kanthu.

Makolamu akhale tere: A Makina, B Ntchito, C Yomaliza, D Masiku a pakati, E Yotsatira, F Masiku otsala, G Maawa otsala, H Mmene ilili. Mu E ndi F ika izi:

```
=C2+D2
=E2-TODAY()
```

Kolamu C isamalembedwe pamanja, apa ndiye pali mutu wa nkhani. Upange tsamba lachiwiri ulitche Mbiri, mmenemo ndi momwe amakanika azilemba akamaliza ntchito: makina, ntchito, deti, zomwe asintha, ndalama ndi dzina lawo. C azitenga yekha deti latsopano kuchokera kumeneko.

```
=MAXIFS(Mbiri!C:C,Mbiri!A:A,A2,Mbiri!B:B,B2)
```

Ntchito yomwe siinalembedwepo mu Mbiri fomulayi ipereka 0 ndipo mzere ufiira pomwepo. Usakonze zimenezo, ndikufuna choncho, makina amene sitidziwa kuti anagwiridwa liti ndi amene andiopsa kwambiri. Koma maina a makina ndi a ntchito uwaikire Dropdown mmatsamba onse awiri chifukwa wina akalemba "Jenereta" wina "Genareta" fomula siidzawagwirizanitsa, tidzangoona zofiira ntchito itachitika kale kenako anthu nkuyamba kunyozera mtunduwo.

Za maawa. Thirakitala imangokhala chilimwe chonse kenako mvula ikayamba mu Novembala imalima osapuma, jenereta nayo magetsi akamazimazima imamaliza maawa ake deti lisanafike, ndiye masiku okha sakwanira. Ika makolamu atatu kumapeto, maawa a pakati, maawa a pa mita tsiku la sevisi, ndi a pa mita lero, G akhale maawa a pakati kuchotsa amene yayenda kale. Mnyamata aziwerenga mita Lolemba lililonse. Manambala a pakatiwo utenge mmabuku a makina ali mu kabati ya mu ofesi, osati a m'mutu mwa munthu, oilo wa injini ya chigayo tidzayamba ndi maawa 250 kapena masiku 90, chomwe chayamba kukwana. Pomwe palibe mita G umusiye opanda kanthu.

Mu H:

```
=IF(OR(F2<0,AND(G2<>"",G2<0)),"YAPITIRIRA",IF(OR(F2<=14,AND(G2<>"",G2<=30)),"YAYANDIKIRA","BWINO"))
```

Masiku 14 amenewo usawachepetse kukhala 7. Girisi ndi malamba timapeza ku Down Shops tsiku lomwelo, koma mabeyaringi a makina a mafuta ndi mafilita a thirakitala nthawi zambiri timaitanitsa ku Lusaka, uwatumire ndalama ogulitsa, apeze basi yodzera Great East Road, mwina atumize saizi yolakwika tibwezenso, sabata imodzi imatha choncho chabe.

Mitundu upange pa Format > Conditional formatting, usankhe Custom formula is, renji ikhale A2:K200 kuti mzere wonse usinthe osati kabokosi kamodzi, ndipo chizindikiro cha $ chisasowe:

```
=$H2="YAPITIRIRA"
=$H2="YAYANDIKIRA"
```

Yoyamba yofiira, yachiwiri yachikasu, za BWINO zisiye zoyera, ukaika zobiriwira paliponse maso satha kugwira msanga pomwe pali vuto. Mawu a mu H akhalebe ngakhale pali mitundu popeza Lolemba tizipirinta pepala lokhoma pakhomo la chigayo ndipo pirinta yathu ndi ya inki yakuda yokha. Mizere ya mmunsi yopanda makina usaikokere mafomula, ingafiire pachabe.

Usanalembe deti lililonse pita pa File > Settings, Locale uike United Kingdom, apo ayi 03/06 yomwe ife tikuti 3 Juni iyo iziwerenga 6 Malichi ndipo masiku onse asokonekera osaonekera. Makolamu a mafomula uwakiye pa Protect sheets and ranges, osintha ukhale iwe ndi ine basi.

Ukamaliza uyese ndi madeti ongopeka atatu, la miyezi inayi yapitayo, la masiku 80 apitawo ndi la dzulo, pa mzere wa oilo uja uyenera kuona kufiira, chikasu ndi kuyera. Ufufute zoyeserazo kenako unditumire linki Lachisanu, Loweruka tikhala pansi ndi amakanika kukopera madeti a mu kabuku kawo kulowetsa mu Mbiri.