Mafunso ndi zolinga za kafukufuku: zomwe zimachititsa ana a Sitandade 5 mpaka 8 kusiyira sukulu panjira ku Mtakataka, m'boma la Dedza

1.2 Vuto lomwe kafukufukuyu akufufuza

Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulaimale mu 1994, ana anathamangira kusukulu mwaunyinji, ndipo chiwerengero chawo chinachoka pa pafupifupi mamiliyoni awiri kufika pa pafupifupi mamiliyoni atatu m'chaka chimodzi. Kuyambira nthawi imeneyo pabwera malamulo angapo ofuna kuti ana asamangolowa koma azimalizanso. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka inali itayamba kale mu 1993 ndipo inakonzedwanso mu 2018. Lamulo la maphunziro la 2013 linati sukulu ya pulaimale ndi yokakamiza. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Kudera lomwe ndasankha, Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika mpaka kunja kwa dziko lino chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Komabe wina akalowa m'kalasi la Sitandade 1 kenako n'kukasuzumira la Sitandade 8 pasukulu yomweyo, safunika kuuzidwa kuti ambiri atsalira panjira.

Ndisanabwere kuyunivesite ndinaphunzitsa Sitandade 6 kwa zaka zinayi pasukulu ina ya m'derali. Kumapeto kwa chaka aphunzitsi aakulu ankabweretsa fomu yoti tilembepo ana omwe asiya, ndipo pa dzina lililonse tinkayenera kusankha chifukwa chimodzi: banja, mimba, matenda, ntchito zapakhomo, mtunda wautali ndi zina zotero. Chaka china ndinalemba "banja" pa dzina la mtsikana wina wa zaka 15. Sindinaname, chifukwa anakwatiwadi mu Julaye. Koma kaundula wanga yemwe ankaonetsa kuti anayamba kujomba mu Januwale pomwe chimanga chinatha kwawo, kuti mu Febuluwale anabwezedwa kawiri chifukwa cha ndalama ya chitukuko cha pasukulu, ndiponso kuti anali atabwereza kale Sitandade 5 ndipo anzake ankamutcha "agogo a m'kalasi". Pofika Epulo sankaonekanso. Banja linabwera iye atasiya kale miyezi itatu yapitayo.

Vuto lomwe kafukufukuyu akufuna kulowamo lagona pamenepa. Ziwerengero zomwe zimachoka kusukulu kupita kuzoni, kuboma mpaka ku Unduna wa Zamaphunziro zimasunga chinthu chomaliza chomwe chinachitikira mwana, osati chomwe chinayambitsa. Ngati mwana anayamba kugwa mphwayi mu Januwale koma thandizo likukonzedwa molimbana ndi zomwe zinachitika mu Julaye, ndiye kuti thandizolo lizifika mochedwa nthawi zonse.

1.3 Tanthauzo la "kusiya sukulu" m'kafukufukuyu

Mwana wosiya sukulu ndi yemwe analembetsa mu Sitandade 5, 6, 7 kapena 8 pa imodzi mwa sukulu zitatu zomwe ndasankha, m'zaka za maphunziro za 2022/23 mpaka 2024/25, kenako n'kukhala teremu yathunthu osabwera, opanda kalata yosamukira kusukulu ina, ndipo sanalembe mayeso omaliza a Sitandade 8. Ndaika malire a teremu yathunthu dala. Kunyanja mnyamata amatha kusowa masabata atatu usipa ukachuluka n'kudzabweranso, ndipo ameneyo ndi wojomba, sanasiye. Ana omwe anasamukira kwa achibale popanda kalata ndidzawafunsira kwa anyakwawa ndi kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu ndisanawaike m'gulu la osiya.

1.4 Cholinga chachikulu

Kufufuza ndi kufotokoza ndondomeko ya zinthu zomwe zimachitikira mwana kuyambira pomwe wayamba kujomba mpaka pomwe wasiyiratu sukulu, pakati pa ana a Sitandade 5 mpaka 8 m'sukulu zitatu za pulaimale za ku Mtakataka, ndi kuyerekeza zimenezi ndi zifukwa zomwe zinalembedwa m'mabuku a sukulu.

1.5 Mafunso a kafukufuku

Funso lalikulu ndi ili: kodi ana a Sitandade 5 mpaka 8 ku Mtakataka amafika bwanji posiya sukulu, ndipo zomwe iwo akunena zikugwirizana motani ndi zomwe sukulu zinalemba? Funsoli ndaligawa panayi.

Funso loyamba: Ndi ana angati omwe anasiya sukulu m'zaka zitatuzi pasukulu iliyonse, anali a kalasi liti, a zaka zingati, anyamata kapena atsikana, ndipo anaonekera komaliza mwezi uti?

Yankho lake lili m'makaundula a tsiku ndi tsiku. Mwezi ndi wofunika kwambiri pafunsoli. Ngati ambiri amazimiririka pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi ya njala ndi maganyu opalira, nkhani yake ndi yosiyana ndi ya ana omwe sabwereranso pambuyo pa tchuthi chachikulu, nthawi yomwe zinamwali zambiri zimachitika.

Funso lachiwiri: Ana omwe anasiyawo, pamodzi ndi makolo kapena owalera, akufotokoza kuti chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani, ndipo chinamaliza n'chiyani?

Ili ndilo tsinde la kafukufukuyu. Poyamba ndinalilemba kuti "Kodi umphawi umachititsa ana kusiya sukulu?" koma ndinalitaya chifukwa yankho lake ndi "inde" ndipo aliyense akulidziwa asanachoke pampando. Mabanja ambiri a m'derali ndi ovutika, chonsecho ana ena ochokera m'mabanja omwewo amamaliza. Ndinayeseranso "N'chifukwa chiyani unasiya sukulu?" pa ana awiri a kwathu. Onse anayang'ana pansi n'kunena kuti "kusowa chithandizo," mawu omwe anazolowera kuuza alendo obwera ndi mapepala. Nditasintha n'kufunsa kuti "Tandiuza za sabata yomaliza yomwe unapita kusukulu," mmodzi analankhula mphindi makumi awiri. Anasimba za yunifolomu yong'ambika kumbuyo, za tsiku lomwe anauzidwa kuwerenga ndime ya Chingerezi pamaso pa anzake n'kulephera, ndi za amalume ake omwe anamupatsa njinga yoti azichitira kabaza pamsika. Choncho funsoli likufuna ndondomeko ya zochitika, osati chifukwa chimodzi.

Funso lachitatu: Ndi zochitika ziti za pasukulu penipeni zomwe ana akuzitchula kuti zinawafooketsa?

Ndalipatula funsoli chifukwa kafukufuku wochitidwa ndi mphunzitsi sachedwa kuloza chala makolo ndi miyambo n'kuiwala bwalo la sukulu. Ndidzamvetsera makamaka za kubwereza kalasi, kubwezedwa chifukwa cha ndalama za chitukuko kapena za mayeso, zilango, kusowa kwa zimbudzi ndi malo osinthira a atsikana omwe atha msinkhu, komanso kusintha kwa chiyankhulo. Ana amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo akalowa Sitandade 5 maphunziro ambiri amasanduka a m'Chingerezi. N'chifukwa chake kafukufukuyu akuyambira kalasi limeneli. Zinthu zimenezi sindidzaziwerengera mwana ngati mndandanda woti avomere. Ndidzayamba ndamva zomwe watchula yekha, kenako n'kufunsa zotsalazo.

Funso lachinayi: Pali kusiyana kotani pakati pa chifukwa chomwe sukulu inalemba ndi zomwe mwana ndi omulera akufotokoza, ndipo aphunzitsi amasankha bwanji choti alembe?

1.6 Zolinga zapadera

Cholinga chilichonse chikuyankha funso la nambala yomweyo.

1. Kuwerenga ndi kugawa ana onse omwe anasiya sukulu m'zaka za 2022/23 mpaka 2024/25 pasukulu zitatuzi potengera kalasi, zaka, kuti ndi mnyamata kapena mtsikana, ndi mwezi womwe anaonekera komaliza.

2. Kulemba ndondomeko ya zomwe zinachitikira ana 24 omwe anasiya, asanu ndi atatu pasukulu iliyonse, theka anyamata theka atsikana, pocheza nawo payekhapayekha komanso ndi kholo kapena wolera mmodzi wa mwana aliyense.

3. Kupeza zochitika za pasukulu zomwe zikutchulidwa mobwerezabwereza m'nkhani 24 zimenezi, ndi kuona ngati zomwe anyamata akutchula zikusiyana ndi za atsikana.

4. Kuyerekeza chifukwa cholembedwa ndi nkhani ya mwana aliyense mwa 24 aja, ndi kumva kwa aphunzitsi aakulu atatu ndi aphunzitsi a m'kalasi asanu ndi mmodzi momwe amadzazira fomu ya kumapeto kwa chaka.

M'kope loyamba munali cholinga chachisanu chakuti "kuthetsa mchitidwe wosiyira sukulu panjira m'derali." Ndachichotsa motsatira malangizo a ondiyang'anira, chifukwa kafukufuku wa miyezi inayi sangathetse vuto, ndipo palibe njira yoonetsera kumapeto kuti cholingacho chakwaniritsidwa. Maganizo a zomwe zingachitike ndidzawaika m'mutu womaliza, ochokera pa zomwe ndapeza. Ndapewanso mawu akuti "kumvetsa" ndi "kudziwa" m'zolingazi, n'kugwiritsa ntchito "kuwerenga," "kulemba," "kupeza" ndi "kuyerekeza," omwe woyesa angathe kuona ngati ndachita kapena ayi.

1.7 Malire a kafukufuku

Sukulu zitatuzi ndidzazitcha Sukulu A, B ndi C. Yoyamba ili kufupi ndi nyanja komwe mabanja ambiri amadalira usodzi, yachiwiri ili m'mbali mwa msewu wa M5 pafupi ndi msika, ndipo yachitatu ili chakumapiri komwe anthu ndi alimi. Ndazisankha chonchi kuti ndione ngati njira yosiyira sukulu imasintha malinga ndi momwe anthu amapezera ndalama. Sukulu yomwe ndinkaphunzitsa sili m'gululi, chifukwa ana ndi makolo angaope kundiuza zoona, ndipo inenso ndingavutike kumva zokhudza anzanga a ntchito mosakondera.

Ana 24 ndi ochepa, choncho zotsatira za mafunso achiwiri mpaka achinayi sizidzaimira boma lonse la Dedza. Ana omwe anachoka m'derali, monga omwe anapita kukagwira ntchito zapakhomo ku Lilongwe kapena kuminda ya fodya, adzawerengedwa pafunso loyamba koma sindidzatha kucheza nawo, ndipo kuperewera kumeneku ndidzakulemba poyera pofotokoza zotsatira. Kafukufukuyu sakukhudza sekondale, komwe nkhani zake n'zosiyana.

Ambiri mwa omwe ndidzacheze nawo sanakwane zaka 18. Sindidzayamba ndisanalandire chilolezo cha komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku, cha ofesi ya maphunziro ya boma la Dedza ndi cha mafumu a m'midzimo, komanso kholo ndi mwana yemwe atavomera. Atsikana ndidzacheza nawo pali mayi mmodzi wa gulu loyang'anira atsikana chapafupi, pomwe akutiona koma osamva. Mayina enieni sadzalembedwa paliponse, ndipo mwana akaulula za nkhanza ndidzaimitsa kucheza n'kudziwitsa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, monga momwe ndidzawafotokozere tisanayambe. Makaundula ndidzawerenga m'masabata awiri oyamba a Meyi, ndipo kucheza ndi mabanja kudzayamba pakati pa mwezi womwewo, anthu atamaliza kukolola ndipo akupezeka pakhomo masana.