Chidule cha Mutu 5: Kupuma kwa Selo, Resipiresheni

Ophunzira a chaka choyamba, werengani izi tisanakumane Lachinayi.

Kupuma kumene tikunena pano si kukoka mpweya ndi mapapo. Ndi mmene selo imaphwanyira shuga, gulukosi, kuti ipeze mphamvu, ATP. Nsima ya nkhomaliro ija imathera kumeneku.

C6H12O6 + 6O2 → 6CO2 + 6H2O + ATP

Poyamba pali kuswa shuga, gilaikolisisi. Kumachitika m'madzi a m'selo, saitopulazimu, ndipo sikufuna okosijeni. Gulukosi mmodzi amabala mapairuveti 2 ndi phindu la ATP 2.

Pairuveti amalowa mu maitokondiriya, mmene mzungulire wa Krebs, wofotokozedwa ndi Hans Krebs mu 1937, umatulutsa CO2 pamodzi ndi NADH ndi FADH2, zonyamula maelekitironi.

Gawo lachitatu ndilo ndikufuna mulimvetse kwambiri. NADH ndi FADH2 amatula maelekitironi pa khungu lamkati la maitokondiriya. Maelekitironiwo akamapatsiranidwa, mapulotoni, H+, amakankhidwira kutsidya kwa khungulo, ndipo pobwerera amayendetsa enzaimu yopanga ATP. Okosijeni amalandira maelekitironi kumapeto, nkupanga madzi. Zonse pamodzi, ATP 30 mpaka 32.

Okosijeni akachepa, minofu imapanga lakitiki asidi. Yisiti amapanga mowa ndi CO2, ndiye thovu lija limatupitsa mtanda wa mandasi.