Manotsi a Kalabu ya Masamu, Fomu 4: Ikweshoni ya Seko

Anyamata ndi atsikana, Lachisanu mvula inasokosa pa malata moti a kumbuyo simunamve kanthu, ndipo a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri munathamangira minibasi tisanamalize. Nali phunziro lonse. Koperani m'kope ndi dzanja lanu, chitsanzo chilichonse muchiwerengere nokha musanaone yankho langa.

Tiyambire pa mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ikakoka chingwe mpaka kulimba n'kumazungulira, njira imene ikupondayo ndi seko. Chikhomo ndi senta, chingwe ndi rediyasi. Pamene ikudya chingwe chili lende ndi mkati mwa seko, ndipo msipu umene ikungouyang'ana osaufikira uli kunja. Ndiye kuti seko ndi mapoyinti onse amene mtunda wawo kuchokera pa senta ndi wofanana. Ikweshoni imene tilembe ikunena zomwezi, koma m'zilembo.

Tinene kuti senta ili pa (a, b), rediyasi ndi r, ndipo P(x, y) ndi poyinti iliyonse ya pa seko. Kuti muchoke pa senta kukafika pa P, mungathe kuyenda chopingasa mtunda wa x − a, kenako n'kukwera kapena kutsika mtunda wa y − b. Maulendo awiriwa akumana pa ngodya ya madigiri 90, ndipo mzere wolunjika wochoka pa senta kukafika pa P ndiwo mbali yaitali ya thirayangoyo. Mbali yaitaliyo ndi rediyasi. Lamulo la Paithagorasi, lija munaphunzira kale, likutipatsa:

(x − a)² + (y − b)² = r²

Basi, fomula ndi imeneyi. Mukaiiwala m'chipinda cha mayeso, jambulani kathirayango pambali pa pepala, ibwera yokha. Musadandaule ngati P ili kumanzere kapena kumunsi kwa senta: x − a idzatuluka negetivu, koma sikweya idzaichotsa mainasiyo. Senta ikakhala pa (0, 0) palibe chochotsera, timangotsala ndi x² + y² = r². Nzeru yosandutsa chojambula kukhala ikweshoni inafala ndi René Descartes wa ku France, amene anaisindikiza mu 1637.

Chitsanzo choyamba. Lembani ikweshoni ya seko imene senta yake ili pa (3, −2) ndipo rediyasi yake ndi 5.

Apa a = 3, b = −2, r = 5. Lowetsani manambalawa pang'onopang'ono, ndipo nambala ya negetivu muiike m'mabulaketi akeake:

(x − 3)² + (y − (−2))² = 5²

(x − 3)² + (y + 2)² = 25

Mzere woyambawo musaudumphe. Pa makope amene ndinachonga sabata yatha, ambiri munalemba (y − 2)², chifukwa maso anaona −2 pa senta ndipo dzanja linangokopera. Seko ya (y − 2)² senta yake ili pa y = 2, kumwamba kwa mzere wa x, pomwe yathu ili kumunsi. Ndi seko ina ndithu, ndipo chilichonse chimene mungawerengere pambuyo pake chimakhala cholakwa. Kuti mudzigwire nokha, dzifunseni kuti: ndi nambala iti imene ndikaiika m'malo mwa y, bulaketi isanduka ziro? Mu (y + 2) nambalayo ndi −2, ndiye b. Mu (x − 3) ndi 3, ndiye a. Kulakwa kwina n'kosiya 5 kumanja m'malo mwa 25. Kumanja kumakhala r², osati r.

Tsopano funso lachiwiri: poyinti yakutiyakuti ili pati? Tengani x ndi y za poyintiyo, muziike kumanzere kwa ikweshoni. Nambala imene ituluke ndi sikweya ya mtunda wochoka pa senta kukafika pa poyintiyo, tiitche d². Muifanizire ndi r². Ikachepera r², poyinti ili mkati. Ikafanana ndi r², ili pa seko penipeni. Ikaposa r², ili kunja.

Tiyese ndi seko yathu ya (x − 3)² + (y + 2)² = 25.

A(7, 1): (7 − 3)² + (1 + 2)² = 16 + 9 = 25. Yafanana ndi 25, ndiye A ili pa seko.

B(1, 0): (1 − 3)² + (0 + 2)² = 4 + 4 = 8. Popeza 8 < 25, B ili mkati.

C(−2, 1): (−2 − 3)² + (1 + 2)² = 25 + 9 = 34. Popeza 34 > 25, C ili kunja.

Onani kuti sitinatenge sikweya ruti paliponse. Palibe chifukwa. Mitunda sikhala negetivu, choncho wamkulu pakati pa d ndi r ndi yemwenso sikweya yake ndi yaikulu. Amene mumakonda kuthamangira kakyuleta kukapeza √34 simukulakwa, koma mukutaya nthawi, ndipo mukafupikitsa madesimolo mungathe kuika pa seko poyinti imene ili kunja. Choopsa kwenikweni ndi kusakaniza: kutenga d² n'kuifanizira ndi r. Pa B, wina aona 8, aona rediyasi 5, n'kulemba kuti "kunja". Ayi, 8 ndi sikweya, mnzake wofanizira naye ndi 25. Pa C samalaninso ndi kakyuleta: mukalemba −5² popanda mabulaketi, makakyuleta a sayansi amapereka −25. Lembani (−5)².

Ena mumafunsa kuti, bwanji osangojambula ndi kampasi n'kuona ndi maso? Jambulani, ndimalimbikitsa zimenezo, chithunzi chimathandiza kugwira zolakwa zikuluzikulu. Koma yesani poyinti D(6.5, 1.6). Pa pepala la girafu, ndi pensulo yobuntha ija, kadontho kake kagwera pa mzere wa seko. Masamu akuti:

(6.5 − 3)² + (1.6 + 2)² = 12.25 + 12.96 = 25.21

25.21 yaposa 25, ndiye D ili kunja, ngakhale ndi pang'ono pokha. Chojambula si umboni. Funso likati "onetsani", likufuna mzere ngati umenewu, ndi chiganizo chomaliza chonena pamene poyinti ili. Nambala yokha yopanda chiganizo ine sindipereka malikisi onse.

Nthawi zina rediyasi sapereka, amangoti seko ikudutsa pa poyinti inayake. Mwachitsanzo, senta ili pa (−1, 4) ndipo seko ikudutsa pa (1, 1). Popeza poyintiyo ili pa seko, d² yake ndiyo r²:

r² = (1 + 1)² + (1 − 4)² = 4 + 9 = 13

(x + 1)² + (y − 4)² = 13

Rediyasi ndi √13, ndipo muisiye choncho. Mukaisandutsa 3.6 n'kuichulukitsanso yokha mupeza 12.96, osati 13, ndipo seko yanuyo idzaphonya poyinti imene anakupatsani.

Funso lingathenso kufuna kuti mumasule mabulaketi. Tibwerere ku seko yoyamba:

x² − 6x + 9 + y² + 4y + 4 = 25

x² + y² − 6x + 4y − 12 = 0

Apa pamagwa anthu pa (x − 3)², amene amailemba x² + 9 n'kuiwala −6x wapakati. Ikweshoni ikakhala m'maonekedwe awa, timafanizira ndi ziro: yankho la negetivu ndi mkati, ziro ndi pa seko, pozitivu ndi kunja. Ikani (0, 0), mupeza −12, ndiye poyintiyi ili mkati. Zikugwirizana ndi njira yoyamba, chifukwa 9 + 4 = 13, ndipo 13 − 25 = −12. Ine ndimakonda ya mabulaketi, poti senta ndi rediyasi zimaonekera poyera, ndiye musamasule ngati sanakuuzeni.

Tipite kubwalo la mpira, poti ndikudziwa kuti Lamulungu ambiri mwa inu maganizo amakhala ku Kamuzu Stadium. Malamulo a mpira wa miyendo amati seko ya pakati pa bwalo ikhale ndi rediyasi ya mamita 9.15, ndipo poyamba masewero osewera a timu imene sikuyamba mpira asayandikire mpirawo kuposa pamenepo. Titenge bwalo la mamita 105 mulitali ndi 68 mulifupi, muyeso wofala pa masewero akuluakulu. Ikani (0, 0) pa mbendera ya pakona, x atsate mulitali, y atsate mulifupi. Pakati pa bwalo ndi theka la mbali zonse ziwiri, (52.5, 34), ndipo 9.15² = 83.7225. Ikweshoni ndi iyi:

(x − 52.5)² + (y − 34)² = 83.7225

Wosewera wina waima pa (60, 39), mnzake pa (59, 41). Musanawerengere, lozani amene mukuganiza kuti walowerera. Ambiri muloza wachiwiri, chifukwa 59 ili pafupi ndi mzere wapakati kuposa 60. Tiyeni tione.

Woyamba: 7.5² + 5² = 56.25 + 25 = 81.25

Wachiwiri: 6.5² + 7² = 42.25 + 49 = 91.25

Wolowerera ndi woyamba, chifukwa 81.25 < 83.7225. Wachiwiri ali bwinobwino kunja. Wayandikiradi mzere wapakati, koma watalikira cham'mbali, ndipo seko imawerengera mbali zonse ziwiri pamodzi. N'chifukwa chake sitiyang'ana x payekha kapena y payekha.

Chitsanzo chomaliza n'cha amene mukufuna malikisi apamwamba. Poyinti (k, 2) ili pa seko ya (x − 3)² + (y + 2)² = 25. Pezani k.

(k − 3)² + 16 = 25

(k − 3)² = 9

k − 3 = 3 kapena k − 3 = −3

k = 6 kapena k = 0

Mayankho ndi awiri chifukwa mzere wopingasa wa y = 2 ukudula seko malo awiri, kumanja ndi kumanzere kwa senta. Wolemba 6 yekha wachita theka la ntchito.

Ntchito yakunyumba:

1. Lembani ikweshoni ya seko ya senta (0, 0) ndi rediyasi 13. Nenani pamene pali (5, −12) ndi (9, 9).

2. Seko ili ndi senta (−4, 1) ndi rediyasi 6. Lembani ikweshoni yake, kenako mumasule mabulaketi.

3. Seko ili ndi senta (2, −3) ndi rediyasi √20. Osagwiritsa ntchito kakyuleta, onetsani pamene pali (6, −1), (−2, 0) ndi (3, 1).

4. Seko ya senta (5, 2) ikudutsa pa (1, −1). Pezani ikweshoni yake, ndi manambala onse a k amene angaike (5, k) pa seko imeneyi.

5. Pa bwalo la mpira lija, wosewera waima pa (58, y). Pezani malo awiri amene angaime pa seko penipeni, y ikhale ndi madesimolo awiri.

Makope afike patebulo langa Lolemba belu loyamba lisanalire. Amene mulibe pepala la girafu, gawanani ndi anzanu, tsamba limodzi likwana anthu awiri. Funso lachitatu mulijambulenso ndi kampasi, ndipo pansi pa chithunzicho mulembe ngati chikugwirizana ndi zimene mwawerengera.