Mnyamata wa ng'oma

Mwera unali utawomba masiku atatu, ndipo asodzi a ku Nkhotakota anali atakokera mabwato pamchenga. Ndiwo kunyumba kwa agogo Asiyatu inali chigwada basi. Iwo anakhala pakhonde akupeta mpunga, mdzukulu wawo Yusufu atatsamira chipupa, maso ali pafoni.

"Amunanga, mukuonanji chomwe chakuiwalitsani kutunga madzi?" anafunsa agogowo.

"Filimu yakalekale ya magawo, agogo. Andiikira kumsika kuja amaika nyimbo m'mafoni. Dzina lake Roots, ya 1977. Ndi ya kapolo wina, Toby."

Yusufu anawaonetsa foniyo. Agogo anaika lichero pansi, napukuta manja pachitenje, nayandikitsa nkhope. Pagalasi losweka pakona panali bambo wamphamvu, wotsimphina, akuyenda pakati pa tinyumba ta matabwa.

"Phazi lakelo analidula ndi nkhwangwa, eti? Atathawa?"

Yusufu anadzidzimuka. "Mwadziwa bwanji?"

"Ndiye ukuti ndani? Ameneyu ndi Kunta Kinte."

"Ayi agogo, ndi Toby. Ndaonera magawo awiri athunthu. Mzungu akuti Toby, akapolo anzake akuti Toby. Mwina mukusokoneza ndi filimu ina."

"Ine kusokoneza? Iwe mayi ako anali kumsana pamene ndinkaonera zimenezi!"

Ndipo sankanama. Masiku amenewo wailesi ya kanema ya dziko lino inali isanatsegulidwe, poti inadzayamba mu 1999. Wofuna kuona zithunzi zoyenda ankapita kunyumba ya vidiyo. Pafupi ndi msika panali ina ya bango, yofolera ndi pulasitiki yakuda, momwe mnyamata wina ankaonetsa matepi pogwiritsa jenereta. Amayi sankalowamo kawirikawiri, koma malemu amuna a agogo Asiyatu anawakakamiza, amvekere iyi yokha uione. Anapita madzulo awiri otsatizana, atakhala pabenchi lakumbuyo, mwana akuyamwa.

"Anayambira kwawo ku Gambia," anatero agogo, akuwerenga ndi zala. "Msilamu ngati ife. Anatuluka kumene ku simba, ndiye anapita kuthengo kukafuna mtengo woti asemere mng'ono wake ng'oma. Komweko ndi komwe anamugwira. Zimenezo unaziona?"

Yusufu anakanda mutu. Mnyamata wakumsika anamuikira kuyambira gawo lachitatu, ati awiri oyambawo anafufutika pakompyuta. Komabe sanafune kugonja. Anali wa Fomu 3, ndipo pa mtsutso wa kusukulu sankagwa chisawawa.

"Chabwino, mwina kwawo anali Kunta. Koma mnzanga Mavuto anaonera yonse, akuti iye mwini anavomera ndi pakamwa pake kuti ndi Toby. Munthu akavomera dzina, n'kukhala nalo mpaka imvi, ndiye dzina lake limenelo. Ngakhale pa chitupa amalemba lomwe anthu amakuitana."

Agogo sanayankhe msanga. Anatola kamwala mu mpunga, nakaponya pabwalo pomwe nkhuku zinathamangira.

"Mavuto anakuuza kuti anavomera ali pati?"

"Sananene."

"Anali atamangidwa manja m'mwamba, Yusufu. Chikoti chikutsika pamsana. Akamufunsa dzina, iye amatchula la bambo ake. Chikoti. Kumufunsanso, lomwelo. Chikoti. M'nyumba ya vidiyo muja munali amuna akuluakulu, asodzi osaopa namondwe, koma munangoti zii, kumangomveka jenereta kunja. Agogo ako aamuna anavula chisoti n'kubisa nkhope. Pomwe mwana uja ananena dzina la mzungulo, mawu anali atatha, ankangonong'ona. Ndiye iwe ukuti kuvomera?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi, chala chikusisita mng'alu wa pagalasi.

"Koma agogo, ndi filimu chabe. Anthu a ku America."

"Filimu chabe? Pita ukaime pansi pa mkuyu uja wa ku mishoni, pomwe Livingstone anakambirana ndi Jumbe. Uyang'ane kunyanja. Anthu ankawasonkhanitsa konkuno, kuwakweza m'zombo za matanga, kuwaolotsa, kenako wapansi mpaka ku Kilwa. Njira yawo inali ina, ya kum'mawa, osati ya Kunta. Koma ukuganiza kuti atafika uko ankawaitana mayina omwe amayi awo anawapatsa?"

Zimenezi Yusufu anaziphunzira m'kalasi, ndipo anakhoza bwino funso la Jumbe Salim bin Abdullah pa mayeso a teremu yatha. Sanaganizepo kuti mchenga womwe amasewerapo mpira madzulo ndi womwewo.

Agogo ananyamulanso lichero, koma sanapete.

"Ndili mtsikana ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, zaka zinayi. Dona wake anati Asiyatu n'lovuta pakamwa, ndikhale Mere. Sanandimenye ayi, anali munthu wabwino ndithu, ankandipatsa ndi malaya. Ndinkayankha. Mere, tiyi! Ndabwera, dona. Koma tsiku lomwe mchimwene wanga anafika pageti n'kukuwa kuti Asiyatu, ndinagwetsa mbale. Ndinali nditatha chaka osalimva."

Anakhala chete onse awiri. Kuseri kwa nyumba mitengo ya mango inkalira ndi mphepo.

"Mathero ake munawaona?" anafunsa Yusufu motsitsa mawu.

"Ayi. Tsiku lachitatu jenereta inafa, kenako mwini wake anasamukira ku Dwangwa ndi matepi ake. Ndinamusiya atadulidwa phazi. Zaka zonsezi sindidziwa ngati anabwerera kwawo."

Yusufu anayang'ana batire. Inatsala 14 peresenti, ndipo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anasendera pamphasa, nakhala phewa ndi phewa ndi agogo ake, n'kuyamba kuthamangitsa filimuyo ndi chala, akuima apa ndi apo kumasulira Chingerezi. Kunta anakwatira mayi wophika dzina lake Bell. Anabereka mwana wamkazi, Kizzy. Mwanayo atakula anamugulitsa kwa mzungu wina, makolo ake akulira pabwalo. Apa agogo anagwira dzanja la Yusufu mwamphamvu, ndipo sanalisiyenso.

"Sanabwerere, eti?"

"Dikirani, agogo."

Anadumphanso. Tsopano Kizzy anali mayi wamkulu, atabwerera pamunda pomwe anabadwira. Anamulozera manda a bambo ake. Anagwada pafupi ndi chikwangwani chaching'ono chokhala ndi zilembo zinayi.

"Palembedwa chiyani?" Agogo sankadziwa zilembo za kusukulu, ankangodziwa za ku madarasa.

"Palembedwa Toby."

Agogo anapumira m'mwamba, nayamba kudzuka. Koma mayi wa pagalasiyo anatola mwala. Anakhwatcha zilembo zija, kenako anayamba kulemba zina pansi pake, pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera.

"Akutani? Iwe, akulemba chiyani?"

Yusufu anameza malovu. Foni inalira kuchenjeza za batire, koma iye sanaisamale.

"Akulemba Kunta Kinte, agogo."

"Sindinamve, mphepoyi."

"Kunta Kinte."

Agogo anagwedeza mutu kawiri, napukuta maso ndi nsonga ya mpango. Galasi linazima lokha. Anakhalabe akuyang'ana foni yakudayo kwa kanthawi, kenako anaibweza m'manja mwa mdzukulu wawo.

"Mawa upite kumsika. Umuuze mnyamata ujayo akufunire magawo awiri oyambawo, ndalama ndikupatsa ine. Tsopano tenga ndowa, dzuwa lapita."