Dandaulo la kudukaduka kwa intaneti pa shopu yanga ku Kasungu boma komanso pempho la chipukuta misozi

Kwa a manijala oona za makasitomala,

Zikomo bwana. Ndine kasitomala wanu wa kuno ku Kasungu boma, akaunti yanga ndi ija yothera 4417, ya shopu yosindikiza ndi kutumiza mapepala yomwe ili pafupi ndi depoti ya mabasi. Ndasankha kulemba imelo chifukwa zoyimba foni zandikwana, nthawi zonse ndimapeza munthu wina watsopano, ndiyambirenso kufotokoza kuchokera pachiyambi, pomaliza andiuze kuti zimitsani rauta mudikire pang'ono muyatsenso. Rauta ndazimitsa ndi kuyatsa mokwanira abale. Vuto silili mu shopu mwanga, ndipo tekinishani wanu yemwe anabwera mu Juni anakwera padenga, anaona kambale kaja, anayeza waya, natsimikiza yekha kuti kwa ine zonse zili bwino, vuto lili ku nsanja yanu.

Ndimalipira K150,000 mwezi uliwonse, ndimalipiriratu mwezi usanayambe ndipo mukaona mu kompyuta mwanumo simupeza mwezi olo umodzi omwe ndinachedwa. Pondilembetsa anthu anu anandiuza kuti iyi ndi pakeji ya bizinesi, yodula kuposa ya kunyumba chifukwa ndi yodalirika ndipo ikavuta amathamangira kukonza. Ndinavomera mtengowo pachifukwa chimenecho basi. Koma kuyambira mu Juni zomwe ndikuona ndi zina.

Mu Juni intaneti inasowa masiku 5 athunthu, pa 6 ndi pa 7, kenako kuyambira pa 18 mpaka pa 20. Mu Julaye nde zinanyanya, masiku 8, pa 3, pa 10 mpaka pa 12, kenako pa 22 mpaka pa 25. Apa ndikuwerenga masiku okhawo omwe kuyambira potsegula shopu mpaka potseka kunalibe kalikonse, kompyuta kumangolemba kuti "Connected, no internet". Sindikuwerengera masiku ena aja imabwera mamawa, 10 koloko yapita, kubweranso madzulo anthu atabwerera kale kumudzi. Ndili ndi kope lomwe mtsikana wondithandiza mu shopu amalembamo ola lomwe yathawa ndi ola lomwe yabwera, masamba ake ndawajambula ndipo ndawaphatikiza pa imelo ino pamodzi ndi ma sikirinishoti a mauthenga onse omwe ndinatumiza pa WhatsApp yanu, ambiri mwa iwo anawerengedwa koma sanayankhidwe.

Mwina kwa inu muli ku ofesi ku Lilongwe masiku 13 akuoneka ochepa, nde ndikufuna mumvetse ntchito yomwe imachitika pa shopu ngati yangayi. Anthu ambiri obwera kuno alibe laputopu, ena foni yawo ndi ya mabatani. Amachokera ku Chamama, ku Santhe, ku Chulu, ena ku Mtunthama, alipira thiransipoti yobwera ndi yobwerera kuti adzasikane satifiketi atumize kalata yofunsira ntchito tsiku lotseka lisanadutse, ana a sukulu ophunzira patali adzatumize ma asayimenti awo, makalabu a alimi adzasindikize mapepala omwe awatumizira pa imelo. Ndiponso Juni ndi Julaye ndi nthawi yomwe ndalama imayenda m'tauni muno, msika wa fodya ku Chinkhoma umakhala uli mkati, soya ndi mtedza zikugulidwa, ife a mashopu ang'onoang'ono timadalira miyezi imeneyi kuti tipeze yodutsira Januwale ndi Febuluwale anthu akakhala kumunda opanda kanthu m'thumba. Nde mwandidulira intaneti pa nthawi yokolola yeniyeni.

Pa 11 Julaye kunabwera mayi wina wachitsikana kuchokera ku Chamama, mwana kumbuyo, mapepala ake atawakulunga bwinobwino mu jumbo kuopa fumbi. Amafunsira ntchito ya unamwino ndipo tsiku lotseka linali lomwelo. Tinasikana zonse, kufika potumiza palibe. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa, mwana kulira, iye kumangoyang'ana ka getsi kofiira ka pa rauta kuti mwina kasintha. Ndinagula bandulo ya kampani ina pa foni yanga ndi kupanga hotisipoti, koma mafayilo anali akuluakulu, amafika pakati n'kuduka, tinalimbana nazo mpaka zinadutsa cha m'ma 4 koloko madzulo, galimoto zopita kwawo zitayamba kale kusowa. Sindinamulipiritse, ndikanayamba bwanji. Amene uja akafika kwawo sakanena kuti kampani ya intaneti yavuta, akanena kuti pa shopu paja musapitepo mukataya tsiku.

Choopsa kwambiri chinali cha pa 22 mpaka pa 25. Ndili ndi eni mabizinesi angapo omwe ndimawathandiza kutumiza ma ritani a VAT pa Msonkho Online, ndipo aliyense wochita bizinesi akudziwa kuti tsiku lomaliza ndi pa 25 mwezi uliwonse, ukachedwa pali chilango. MRA singamve zoti netiweki ya kwa uje inathawa, ndipo sindingawadandaule, lamulo ndi lamulo. Bambo wina wa hadiweya yemwe ndagwira naye ntchito nthawi yaitali anangotenga mafayilo ake mwaulemu nati achimwene musadandaule ndikapangira kwina, mpaka lero sanabwerenso. Kasitomala wotere samapezeka tsiku limodzi.

Zifukwa zomwe ndapatsidwa ndi zambiri ndipo zimasintha kutengera yemwe wayankha foni. Wina anati faiba yadulidwa ndi okonza msewu wa M1, wina anati magetsi anazima ku nsanja, wina anati akuba anaba mabatire, wina anati jenereta inatha dizilo. Sindikutsutsa kuti zinthu zimenezi zimachitika, tonse tikukhala m'Malawi momwemuno, mavuto a magetsi ndi mafuta tikuwadziwa. Koma inetu pa ka shopu kanga ndinadzimana ndi kugula sola, mabatire ndi invata kuti magetsi akazima pulinta ndi makompyuta zisazime, chifukwa ndinalonjeza anthu kuti akabwera athandizidwa. Ngati ine ndinakwanitsa, kampani yaikulu ngati yanu ikulephera bwanji kuika mabatire okwanira pa nsanja yomwe ikudyetsa tauni yonse? Ndaona kangapo kuti magetsi akangozima, pakapita maola awiri kapena atatu intaneti nayo imatsatira, zomwe zikusonyeza kuti mabatire a kumeneko anatha mphamvu kalekale. Ndipo ngati faiba imadukaduka pamalo pomwe msewu ukukonzedwa, ntchito ya msewuyo sinayambe dzulo, munayenera kukhala ndi njira ina yodutsitsira netiweki ikaduka imeneyo. Zimenezo ndi zomwe timalipirira mtengo wa bizinesi.

Chinanso chomwe chimandipweteka ndi kusatiuza. Bilu ikayandikira meseji imabwera msanga kutikumbutsa, tsiku likakwana osalipira mumadula nthawi yomweyo. Koma netiweki ikagwa palibe olo meseji imodzi yoti pepani makasitomala a ku Kasungu tili ndi vuto, tikuyembekeza kukonza pofika mawa. Ndikanadziwa m'mawa kuti lero kulibe, bwenzi ndikuuza anthu pakhomo pomwe asataye nthawi, kapena kuyimbira omwe akuchokera kutali kuti asakwere galimoto. M'malo mwake ndimangowauza kuti dikirani pang'ono ibwera, chifukwa ndi zomwe anthu anu andiuza, mapeto ake wabodza ndimakhala ine.

Nde pempho langa ndi ili, ndipo ndawerengera mosakokomeza. K150,000 kugawa masiku 30 ndi K5,000 pa tsiku, masiku 13 omwe ndinalipira koma osalandira kanthu ndi K65,000. Ma bandulo omwe ndinagula ku kampani ina kuti ntchito zachangu zidutse anakwana K48,000, ma meseji otsimikiza kugula ndili nawo onse ndipo ndawaphatikiza. Ndalama zomwe ndinabweza kwa anthu omwe analipira kale koma ntchito yawo sinatheke ndi K39,000, zili mu buku la ma risiti. Zonse pamodzi ndi K152,000. Sindinaikemo phindu lomwe ndikanapeza masiku amenewo, sindinaikemo malipiro a mtsikana wanga yemwe ndinamulipira mwezi wathunthu ngakhale masiku ena amangokhala, sindinaikemonso makasitomala omwe athawa chifukwa amenewo sindingawaike mtengo. Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama imeneyi, kapena ngati kutulutsa ndalama kuli kovuta ku maakaunti kwanu, mundipatse mwezi wa Ogasiti wonse osalipira, K2,000 yotsalayo isakuvuteni. Koma chonde musandipatse ma GB aulere ngati momwe wina ananenera pa foni, pakeji yanga ndi yopanda malire kale, deta yoonjezera pa layini yomwe sikugwira ndikaitani nayo.

Kupatula ndalama, ndikufuna kalata yochokera kwa munthu waudindo yofotokoza chomwe chikuvuta pa nsanja ya kuno ndi tsiku lomwe mukonze motheratu. Ndikufunanso nambala ya munthu mmodzi wa chigawo chino yemwe ndingamuyimbire zikavuta, osati kumangozungulira pa layini ya aliyense ija, komanso muyambe kutitumizira meseji netiweki ikagwa. Wina pa foni anandiuza kuti kontirakiti imati kampani siyankhapo pa zomwe kasitomala waluza. Ndaiwerenganso kontirakitiyo, ndipo olo zitakhala choncho pa nkhani ya phindu, sizingatanthauze kuti muzisunga ndalama ya masiku omwe simunandipatse ntchito. Zili ngati kulipira lendi mwezi wathunthu eni nyumba n'kukutsekera panja sabata ziwiri.

Ndikudikira yankho lolembedwa pasanathe masiku 7 ogwira ntchito kuchokera lero. Likapanda kubwera nditengera dandauloli ku MACRA, omwe lamulo la Communications Act la 2016 linawapatsa udindo woyang'anira makampani ngati yanu ndi kuteteza ife ogwiritsa ntchito, komanso ku Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi kope lija, ma risiti ndi ma sikirinishoti onse. Sindili ndekha, anzanga ena a mashopu mumzere wathu omwe ali pa netiweki yanu akulembanso masiku awo ndipo anena kuti tikapita tipitire limodzi. Sindikufuna zifike kumeneko, kusintha kampani ndi ndalama inanso yogulira zipangizo yomwe pakadali pano ndilibe, ndipo chaka choyamba intaneti yanu inkagwira bwino kwambiri moti ndine ndinakopa ena mwa anzangawa kuti alembetse kwa inu. Pano akundifunsa ine kuti achimwene munatipititsa kuti.

Bilu ya Ogasiti yafika kale pa foni yanga. Chonde muiimitse kaye mpaka nkhaniyi titamvana, ndipo musadule layini pa nthawi yomwe ndikudikira yankho lanu. Mundiyankhe pa imelo yomweyi kuti zonse zikhale zolembedwa.

Ndine kasitomala wanu,
Mwini shopu yosindikiza mapepala, pafupi ndi depoti, Kasungu boma
Akaunti yothera 4417