Mndandanda wa Zakumwa Zosakaniza za pa Bala Pathu

Alendo athu olemekezeka, zakumwa zosakaniza zomwe tikukonza nyengo ino ndi zisanu ndi chimodzi zokha, zinayi zokhala ndi mowa ndi ziwiri zopanda mowa. Tazichepetsa dala kuti mandimu ndi malaimu azifinyidwa tsiku lomwelo, komanso kuti botolo limodzi lizigwira ntchito pa zakumwa zingapo, mitengo isakwere.

Dayikiri ndi ya amene amakonda chowawasa. Timathira mamililita 60 a ramu yoyera, 25 a madzi a laimu ndi 15 a madzi a shuga, n'kukhutchumula pamodzi ndi ayisi. Shuga wakeyo ntchito yake ndi kuziziritsa ukali wa laimu basi, osati kutsekemeretsa chakumwacho, choncho musanyengedwe ndi kuchepa kwa tambula, pakuti ndi champhamvu ndithu.

Mohito imachokera m'botolo lomwelo la ramu, koma timathira mamililita 45 okha, n'kuwonjezera laimu, shuga, masamba a minti ndi soda wodzadza tambula yaitali. Imatsekemera pang'ono ndipo imamweka mosathamanga. Tomu Kolinzi nayo ndi yopepuka chimodzimodzi, ya jini, mandimu, madzi a shuga ndi soda. Ziwirizi ndizo zotsika mtengo pa zonse zokhala ndi mowa, chifukwa botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula 16, pomwe pa Dayikiri limatulutsa 12.

Negironi ndiyo yokwera mtengo ndi yamphamvu koposa, popeza zonse zitatu zolowamo ndi mowa: jini, Kampari ndi vemuti wofiira, mamililita 30 chilichonse, zotakasidwa pa ayisi ndi khungu la lalanje pamwamba. Imawawa, siwawasa, ndipo ngati simunailawepo tiuzeni tikulawitseni kaye pang'ono musanaitanitse.

Zopanda mowa tazikonza mosamala mofanana, chifukwa sitikufuna kuti wosamwa mowa azingopatsidwa juwisi wotsekemera kwambiri ngati kuti ndi mwana. Mowa ukachotsedwa, chakumwa chimasowa cholumako pakhosi, ndiye pamalo pake taikapo zina. Mu Chinanazi wa Jinja, kuyabwa kwa jinja wosinja kumene ndi kuwawasa kwa laimu zimagonjetsa kutsekemera kwa chinanazi, ndipo sitithiramo shuga wina aliyense. Tiyi wa Mandimu ndi tiyi wakuda wozizira, wofulidwa mwamphamvu kuti aziumitsa lilime pang'ono monga amachitira vinyo wofiira, wosakaniza ndi mandimu, uchi ndi soda. Mtengo wa ziwirizi ndi pafupifupi theka la mtengo wa Mohito.

Ngati mukufuna shuga wochepa kapena mandimu ambiri, muuzeni wokonza zakumwa poitanitsa ndipo simulipira zoonjezera. Muyeso wa mowa wokha ndiwo sitiusintha, ndipo oyendetsa galimoto tikuwapempha asankhe pa ziwiri zomalizazo.