Makilo atatu

Chikwama cha Tadala anachilongeza katatu usiku umenewo. Iye akaika zovala zake bwinobwino, amake amabwera nkukhutula zonse kuti bulangete lalikulu lija lilowe kaye, ati kunjako kumazizira zoopsa mwanawe ukafa ndi chisanu. Azakhali nawo anabwera ndi majuzi awiri akalekale, ndiye azakhali ungawakanire bwanji.

Sikolashipu inali ya fizi ndi pogona basi, za viza ndi tikiti ya ndege zinali zoti aone okha. Bambo ake anagulitsa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo zija osauza munthu, Tadala anangodzuka tsiku lina nkupeza khola lili pululu. Sanafunse, nawonso bambowo sananenepo kanthu.

Pofika madzulo pakhomo panali podzadza ngati pali ukwati. Aliyense amvekere "dokotala wathu!" pomwe mwanayo amapita kukaphunzira uinjiniya wa zamadzi, anayesa kulongosola kawiri kenako anangozisiya. Amalume anamukokera pambali kumuuza za malata a nyumba yawo yodontha, wina za fizi ya mwana wake, mlongo wake wamng'ono Yamikani amafuna laputopu. Tadala amangoti chabwino chabwino koma mmimba mukutentha, ngakhale kalasi imodzi anali asanalowe koma ngongole zinali zitayamba kale.

Agogo okha ndi amene sanapemphe kanthu. Anangomugwira dzanja nkufunsa kuti ndi zaka zingati.

"Zinayi agogo."

"Eee. Chabwino, ndiyesetsa undipeze."

Ku bwalo la ndege anamuperekeza amake ndi Yamikani, bambo anatsala ati mayendedwe a anthu anayi ndi odula. Chikwama chitakwera pa sikelo chinaonetsa makilo 26, mayi wa pa kauntala nkunena mwaulemu kuti malire ndi 23, atulutse zina kapena alipire. Kulipira ndi chani? Anagwada pansi pompo anthu akuwadutsa, zipi nkutsegula.

"Amayi bulangeteli litsale basi."

"Ayi, bola nsapato zitsale koma ilo ayi."

Anakanganirana pang'ono monong'ona mpaka amake anamuveka majuzi onse awiri pamwamba pa diresi, kunja kukutentha chonchija, bulangete nkumupatsa anyamule pamanja ngati mwana. Sikelo inati 22.8. Amake sanalire, anangomukonza kolala nkunena kuti ukafika uimbe, ngakhale kutakhala pakati pa usiku.

Ndege itanyamuka anasuzumira pa windo kuti mwina aona msewu wopita kwawo koma zonse zimangofanana. Apa mpomwe anamva kapepala mthumba la juzi lamkati. Zolemba za Yamikani, zokhotakhota zija. Pamwamba analemba laputopu nkufufuta ndi mizere iwiri, pansi pake panali:

"Achemwali, muyambe ndi ng'ombe za adadi. Amapitabe kukhola mmawa uliwonse."